Chithunzi chija chikudziwa pomwe mumagona

"Achimwene, ndimagulitsa zitenje ndipo zithunzi ndimajambulira kunyumba. Mnzanga akuti munthu angathe kudziwa pomwe ndimakhala kudzera m'chithunzi chokha. Kodi n'zoona, nanga nditani?"

Achemwali, mwandikanda pachilonda. Chaka china ndinkagulitsa njinga yamoto. Ndinaijambula pakhonde, n'kuyang'anitsitsa kuti geti ndi nambala ya nyumba zisaoneke. Wogula wina anadandaula kuti chithunzi chikuoneka mwachimbuuzi, ndiye ndinamutumiziranso pa WhatsApp ngati Document kuti chifike chowala. Tinagwirizana zokumana pamsika Loweruka. Lachisanu madzulo ndinangomva odi pageti, munthu uja ali chilili, akumwetulira. Njira sindinamuuze. Ananditsegulira chithunzi chija pafoni yake, n'kundionetsa kadontho pamapu, penipeni pa nyumba yanga. Mwayi anali munthu wabwino, njinganso anagula, koma usiku umenewo tulo sindinatione.

Kamera ya pafoni ikajambula, imalemba zinthu zina m'kati mwa fayilo, zotchedwa EXIF: tsiku, nthawi, mtundu wa foni, ndipo ngati munailola, manambala a GPS osonyeza pomwe munaima. Maso saziona, koma aliyense wolandira fayilo yathunthu angathe kuziwerenga. Ngakhale John McAfee, katswiri wa makompyuta amene ankathawa apolisi a ku Belize mu 2012, anaululika kuti ali ku Guatemala chifukwa atolankhani a magazini ya Vice anaika pa intaneti chithunzi chake osachotsa manambalawo.

Chimene chimandikwiyitsa ndi anthu amene amati "WhatsApp imachotsa zonse". Imachotsadi mukatumiza ngati chithunzi wamba. Koma Document ndi imelo zimanyamula fayilo momwe ilili. Facebook nayo imachotsa pa chithunzi chimene anthu amaona, koma kampaniyo imakhala italandira kale zonse. Ine ndimati kamera ya wamalonda isamadziwe n'komwe malo, basi.

Zoti muchite

Pa Android, tsegulani kamera, lowani mu Settings, zimitsani Location tags, kapena dzina lofanana nalo pa foni yanu. Izi zimathandiza pa zithunzi zatsopano zokha. Pa iPhone, potumiza dinani Options n'kuzimitsa Location. Pa Windows ndi Properties, Details, kenako Remove Properties and Personal Information. Mukakhala pachangu, jambulani sikirini n'kutumiza chimenecho, ngakhale kuwala kumatsikako. Ine ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa ExifTool, ndipo ndimailembera lamulo ili:

```
exiftool -gps:all= chitenje.jpg
```

Imasiya fayilo yakale yokhala ndi `_original` kumapeto, musatumize imeneyo. Mukatha, tsegulani Details ya chithunzicho. Mapu akaonekabe, sizinachoke. Ndipo yang'ananinso kumbuyo kwa zitenjezo, chifukwa chikwangwani cha golosale ya aneba sichichoka mukachotsa EXIF.