Umphawi wa mitundu iwiri

"Lipoti lina likuti umphawi wachepa, lina likuti sunasinthe. Lolondola ndi liti?"

Achimwene, onse awiri akhoza kukhala olondola, chifukwa miyeso yake ndi yosiyana. Umphawi wadzaoneni umayezedwa ndi mzere wokhazikika, womwe ndi mtengo wa chakudya chokwanira thupi ndi zofunika zina. Ofufuza amafunsa banja zomwe lagula ndi zomwe ladya zolima lokha, n'kugawa ndi chiwerengero cha anthu pakhomopo. Amene ali pansi pa mzerewo ndiye wosauka. Umphawi woyerekeza umayang'ana anzako. Ku Ulaya mzere wake ndi 60 peresenti ya zomwe munthu wapakatikati amapeza. Aliyense akayamba kupeza kawiri, wadzaoneni umatsika koma woyerekeza sumasuntha, poti mzerewo nawonso wakwera kawiri.

Ndinaonapo mayankho a kafukufuku wa nthawi yokolola akubisa njala. Musanayerekeze zaka ziwiri, funsani katswiri wa zowerengera ngati mafunso anali ofanana.