Arubaini Ikatha, Kodi Wamasiye Wamasuka?

"Amalume anga anali Msilamu ku Mangochi, anatisiya pa 1 Malichi. Ife ndife Akhristu. Akuti tisonkhe ya arubaini. Imeneyi igwa liti, ndipo ikatha azakhali akhoza kubwera kuno ku Joni kudzapumako?"

Pepani ndi zovutazi, achemwali. Arubaini ndi mawu ochokera ku Chiarabu, tanthauzo lake 40. Mukatenga 1 Malichi ngati tsiku loyamba, Malichi yense akupatsani masiku 31, ndiye la 40 ndi 9 Epulo. Koma musagule tiketi ya basi musanamve kwa akuluakulu a kumudzi, poti mabanja ambiri amasunthira sadaka ku Loweruka kapena Lamulungu lapafupi kuti apantchito apezeke. Ndalama yanuyo idzagula mpunga ndi mbuzi. Ashehe adzawerenga Kurani ndi kupanga duwa yopemphera malemu chikhululuko, kenaka mbale zizungulira, amuna kwawo amayi kwawo.

Si Asilamu onse amene amachita mwambowu. A gulu la Kadiriya amausunga, pomwe a gulu la Sukuti amati Mtumiki Muhammad sanaulamule, ndipo malire a kulira ndi masiku atatu basi. Mukaona msuweni wina wakana kusonkha, musafulumire kumunena kuti ndi woumira.

Pa za azakhali ndiye pamene ambiri timaphonya. Arubaini simasula wamasiye. Iwo ali pa eda, nthawi yodikira ya mkazi woferedwa mwamuna, ndipo Kurani 2:234 imaika miyezi inayi ndi masiku khumi, kuyambira tsiku la imfa, osati la kuika maliro. Miyezi yake ndi yowerengera mwezi wakumwamba, choncho zonse pamodzi ndi masiku pafupifupi 130. Kuchokera pa 1 Malichi, eda yawo ikutha kumayambiriro a Julaye. Nthawi yonseyi amagona m'nyumba yomwe ankakhala ndi amuna awo, sadzola zonunkhira, savala ndolo kapena zibangili, ndipo safunsiridwa ukwati. Kuchipatala kapena kumsika pakafunika amapita, koma ulendo wokacheza ku Joni udikire. Akanakhala oyembekezera, eda ikanatha tsiku lochira. Ine ndinalakwitsapo pamenepa: ndinatumizira mlamu wanga chitenje chowala ndi mafuta onunkhira itangotha arubaini, iye anangoti zikomo n'kuziika pansi pa sutikesi.

Ziwerengero zoterezi ngakhale m'Baibulo lanu zilimo. Yosefe analira Yakobo masiku 7, pa Genesis 50:10, ndipo Ayuda mpaka lero amakhala pa mipando yaifupi masiku 7 kuyambira tsiku loika maliro, amati shiva. Kwa Ayudawo, mwana amalira kholo lake miyezi 12. Akhristu a Othodokisi ku Ethiopia, Greece ndi Russia amasonkhana pa tsiku la 40, kukumbukira masiku 40 amene Yesu anaonekera kwa ophunzira asanakwere kumwamba. Chaka chimodzi ndiye tachizolowera kwathu, pa nkhani ya chiliza, koma imeneyo musaiyambitse nokha kuchimuna kwa Asilamu, chifukwa ena savomereza kumanga pamanda. Funsani kaye mwini mbumba.