Choyera cha dzira chikakana kuuma

"Ndatakasa choyera cha mazira kwa mphindi 15, koma thovu lake silikuima. Ndalakwitsa pati?"

Ndikukhulupirira kuti vuto ndi mafuta. Mukamatakasa, mapuloteni a m'choyeracho amatambasuka n'kulumikizana mozungulira timpweya, koma mafuta, ngakhale kadontho ka chikasu cha dzira, amalowa pakati pawo n'kuwalepheretsa kugwirana. N'chifukwa chake mbale ya pulasitiki sindiikhulupirira, poti imasunga mafuta ngakhale itatsukidwa. Tengani yagalasi kapena yachitsulo, muipukute ndi viniga.

Pa mazira awiri thirani theka la supuni yaing'ono ya madzi a mandimu thovu likangoyamba, chifukwa asidi amaletsa mapuloteniwo kumangana mopitirira muyezo mpaka kufinya madzi. Lekani kutakasa nsonga ya thovulo ikaima chilili ikadali yonyezimira, pakuti ikayamba mibulu ndiye kuti mwapyoza.