Anamupeza ndi foni yothimitsa m'chipinda cha mayeso: chichitike n'chiyani?

"Mwana wanga wa Fomu 4 anamupeza ndi foni m'thumba la siketi polemba Bayoloje ya MSCE. Inali yothimitsa ndipo sanaigwire n'komwe. Anamulanda, anamulembetsa sitetimenti, kenako anapitiriza kulemba. Kodi kumeneku n'kubera mayeso? Zotsatira zake zituluka?"

Mayi, pepani ndi nkhawa imene muli nayo, koma ndikuuzani mosabisa: mlandu ulipo. Pa mayeso a MANEB, mlandu umayambira pa kupezeka ndi chinthu choletsedwa m'chipinda, osati pa kuchigwiritsa ntchito. Foni, kapepala ka likasa m'sokosi, mafomula olembedwa pachikhatho kapena kuseri kwa rula, zonsezi zili m'gulu limodzi. Woyang'anira sangadziwe ngati foniyo inayatsidwa mwana atapita kuchimbudzi, n'chifukwa chake lamulo silifunsa zimenezo. Ana amasechedwa pakhomo n'kuuzidwa kuti asiye zonse panja, choncho mawu akuti "ndinaiwala" amapepuka mwana akangokhala pa desiki.

Sikuti cholakwa chilichonse chimafika ku Zomba, kumene kuli likulu la MANEB. Mwana wotembenukatembenuka, wobwereka labala kwa mnzake osakweza dzanja, kapena wochedwa kuika cholembera pansi nthawi itakwana, kawirikawiri amangochenjezedwa kapena kusunthidwa malo. Zimathera pomwepo chifukwa palibe chogwirika. Zinthu zimasintha pakakhala umboni woti n'kuuika mu envulopu. Apo woyang'anira amalanda chinthucho, amadziwitsa wamkulu wa senta, ndipo lipoti limapita ku bungwe pamodzi ndi sitetimenti ya mwanayo.

Kuti anamulola kupitiriza kulemba kusakupatseni mtendere wabodza. Woyang'anira m'chipinda si woweruza, ntchito yake n'kulemba zimene waona. Chigamulo chimachokera ku bungwe, ndipo nthawi zambiri makolo amachidziwa tsiku lotuluka zotsatira, akapeza kuti za mwana wawo zagwidwa kaye kapena zafafanizidwa.

Apa ndi pamene kukula kwa chilango kumaonekera bwino. Kuti mwana apeze satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza maphunziro osachepera 6, ndipo Chingerezi chiyenera kukhalapo. Tiyerekeze kuti mwana wanu analemba maphunziro 8. Atamufafanizira Bayoloje yokha, amatsala ndi 7, ndipo satifiketi ikhoza kutuluka, ngakhale kuti khomo la maphunziro a unamwino likhala litatsekeka mpaka adzalembenso. Foni yomweyo ikanapezeka pa pepala la Chingerezi, kufafaniza phunziro limodzi lokhalo kukanagwetsa satifiketi yonse. Ndipo bungwe lili ndi mphamvu yofafaniza maphunziro onse 8, kutanthauza kulipiranso ndi kudikira chaka china.

Chimene chingalemeretse kwambiri mlandu wa mwana wanu ndi zimene zili m'foniyo. Mukapezeka zithunzi za mafunso kapena mayankho ochokera m'gulu la WhatsApp, nkhani siikhalanso ya kuiwala. Imakhala ya mayeso otuluka nthawi isanakwane, ndipo imeneyo ndi ya apolisi ndi khoti, mofanana ndi kulembera munthu wina mayeso pogwiritsa ntchito chiphaso chake. Musaiwale za 2020: mu Novembala boma linathetsa MSCE yonse mapepala atafalikira pa mafoni, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Bungwe limene linadutsa m'zimenezo silingaone foni ngati chinthu chaching'ono, ndipo ine sindingalidzudzule pamenepo.

Palinso kubera kumene kumagwidwa mayeso atatha kalekale. Ochonga akapeza ana awiri kapena atatu a manambala oyandikana atalakwitsa samu mofanana, pa sitepe imodzimodzi, amakayikira kuonerana. Yankho lolondola likhoza kufanana mwangozi, koma cholakwa chofanana mzere ndi mzere ndi umboni wovuta kuukana. Amene anaonetsa pepala lake amagwa limodzi ndi amene anaonera, ngakhale akhale wanzeru wa kalasi yonse.

Pakadali pano, khalani pansi ndi mwanayo akuuzeni mawu enieni amene analemba mu sitetimenti, komanso ngati analembamo kuti foni inali yothimitsa. Mufunseni modekha ngati munali chilichonse chokhudza mayeso m'foniyo, chifukwa ndi bwino muzimve kwa iye musanazimve kupolisi. Kenako pitani kwa ahedi mukafunse ngati lipoti linatumizidwa ndiponso kumene foniyo ili. Zotsatira zikadzagwidwa, dandaulo lanu likhale lolembedwa, lidutse kusukulu, ndipo likhale ndi nambala ya mayeso ya mwana, nambala ya senta, tsiku ndi pepala limene ankalemba. Wina akabwera n'kunena kuti ali ndi m'bale ku MANEB amene angakonze zinthu mutamupatsa kangachepe, musamupatse ngakhale tambala, chifukwa ziphuphu ndi mlandu wina, ndipo uwo ukhala wanu.