Netiweki ili bho koma nyimbo zikungodukaduka

Wina wanditumizira imelo iyi: "Achimwene, Wi-Fi yanga ndikayeza ikumapereka 20 Mbps, mavidiyo akuyenda bwinobwino, koma nyimbo pa Spotify zikungoimaima. Ndimamvera pafoni ya Android kudzera pa sipika ya Bluetooth. Vuto ndi chani?"

Akulu, sipidi muisiye kaye. Nyimbo ya 320 kbps imangodya 0.32 Mbps basi, ndiye 20 yanuyo itha kunyamula nyimbo zoposa 60 nthawi imodzi. Vuto lili pena.

Ikadukanso musathamangire kuzimitsa rauta, yang'anani kaye timanambala towerenga masekondi pansi pa nyimbopo. Ngati tikuyendabe koma mawu ndi amene asowa, nyimbo yafika kale mufoni, ikutayika panjira yopita kusipika. Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz, pomwenso Wi-Fi yambiri imadutsa, ndiye zimalimbana, makamaka foni ikakhala m'thumba lakumbuyo kapena sipika ili kuseri kwa khoma (thupi lanu lomwelo limatchinga siginolo, musadabwe). Zimitsani Bluetooth, mumvere pasipika ya foni mphindi 10. Ikapanda kuduka mwampeza wakubayo, ndiye ikani foni pafupi ndi sipika, ndipo ngati rauta yanu ili ndi 5 GHz lumikizani foni kumeneko.

Koma ngati masekondi aima, onetsetsani kuti imaima nthawi yanji. Ine zinandisowetsapo mtendere sabata yathunthu, nyimbo imayimba bwinobwino foni ili m'manja koma ndikangoiika patebulo sikirini nkuzima, pakangopita kanthawi zii, ndikaiyatsa nkupitiliza ngati palibe chachitika. Ndinkanyoza netiweki chonsecho inali foni yomwe ikugonetsa apu kuti isunge batire. Pitani ku Settings, Apps, Spotify, Battery, musankhe Unrestricted. Mayinawa amasiyanako malinga ndi foni. Battery Saver ndi Data Saver muzimitsenso poyesapo.

Pali kenanso kopusa: ngati mudabwereka mnzanu akaunti, iye akangoyatsa nyimbo kwakeko kwanu imaima, poti akaunti imodzi imayimba malo amodzi panthawi.

Zonsezi zikakhala bho ndiye tiikayikire netiweki. Ngati muli pa Premium dawunilodani nyimbo zingapo, muike Airplane mode, muziyimbe. Zikadukabe, vuto ndi apu, pangani Clear cache kapena muichotse nkuiikanso. Zikayenda bwino, ndiye intaneti yanu imathamanga inde koma imaphethira, ndipo kuyeza sipidi kwa masekondi ochepa kuja sikugwira zimenezo. Pa kompyuta ya Windows yolumikizidwa pa Wi-Fi yomweyo lembani izi mu Command Prompt:

```
ping -n 100 8.8.8.8
```

Mizere ya Request timed out ikamabwera motsatizana ndiye kuti laini ikumaduka. Yesaninso mutakhala pafupi ndi rauta, kenako ndi kebulo. Ikamadukabe ngakhale pakebulo, jambulani zotsatirazo muwatumizire okugulitsani intaneti, apo ayi angokuuzani kuti zimitsani muyatsenso.