Kujambula katundu wa oda kuti dzina ndi modelo zioneke

"Achemwali, ndangoyamba kumene kupita ku Joni ndipo anthu ayamba kundipatsa maoda. Amangonditumizira chithunzi n'kunena kuti mukandigulire ngati ichi. Ndikafika m'shopu ogulitsa akumandifunsa modelo, ine kukamwa yasa. Kodi ndiziwauza kuti azijambula bwanji kuti ndisamagule zolakwika?"

Mchemwali wanga, chithunzi cha oda chimasiyana ndi chithunzi chotsatsira malonda. Chotsatsa chimafuna kukongola, koma cha oda chimafuna kuwerengeka. Ine ndikalandira chithunzi ndimachikulitsa ndi zala ziwiri n'kuyesa kuwerenga zilembo ndi manambala mokweza, chimodzichimodzi. Ndikakakamira pa chilembo ngakhale chimodzi, ndimamuuza mwiniwakeyo kuti ajambulenso, ndipo ndalama yake sindilandira kufikira atatero. Ena amaona ngati ndikuvuta, koma mwambo umenewu ndinauphunzira nditaluza.

Bambo wina wogwira ntchito pa sukulu ina ku Zomba anandituma chaja ya laputopu. Yakale inali itapsa ndipo anali ataitaya kale. Ananditumizira chithunzi chimodzi chojambulidwa usiku, laputopu ili chotsegula pa tebulo, fulashi itawala pakati penipeni. Chizindikiro cha HP chinkaoneka bwinobwino, mawu akuti EliteBook ankawerengeka, kenako 8 ndi 4, kwinako kuli mbuu. Ine ndinangoganiza kuti ndi 840, poti ndi imene anthu ambiri anali nayo nthawi imeneyo. Wa m'shopu anandipatsa chaja ya EliteBook 840 G3, ya kamutu kakang'ono kokhala ndi mkombero wabuluu, kotakata mamilimita 4.5. Ndinadutsa nayo pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, ndikafika nayo kwa mwiniwake sinakwane n'komwe, inkangogwedera m'bowo. Laputopu ija inali EliteBook 8470p, yakale, ya bowo lalikulu la mamilimita 7.4. Bamboyo sanalakwe, wa m'shopu sanalakwenso. Wolakwa ndinali ine amene ndinamalizitsa manambala ndi mutu wanga. Ndalama ndinabweza, ndipo iwo anakhala mwezi wina wathunthu opanda chogwirira ntchito, zimene zinandiwawa kuposa ndalamayo.

Kuchokera pamenepo ndimapempha zithunzi zitatu pa katundu aliyense. Choyamba n'cha chinthu chonse, chili pa malo opanda zinthu zina, chizindikiro cha kampani chikuyang'ana kamera. Ichi sichivuta, aliyense amachitha, ndipo ntchito yake n'kungondiuza kuti tikukamba za chinthu chanji, cha mtundu wanji. Musalole kuti achijambulire pa chitenje chamaluwa kapena pa bedi lodzaza zovala. Pepala loyera kapena katoni wamba n'zokwanira.

Chachiwiri ndiye mwini nkhani: sitika ya manambala. Dzina lolembedwa kutsogolo kwa katundu nthawi zambiri limakhala la banja lonse, pomwe dzina lenileni la mwanayo limabisala kumbuyo kapena kunsi. Pa laputopu sitikayo imakhala pansi pake, ndipo pa zakale zija zochotsa batire mumaipeza mukachotsa batireyo. Pa TV ili kumbuyo, pa firiji kawirikawiri ili m'kati chakukhoma kapena kumbuyo. Pa sitikapo pamakhala manambala angapo, ndipo anthu ambiri amasokoneza. Pamene palembedwa Model kapena Product ndi pamene wogulitsa akufuna. Pamene palembedwa Serial kapena S/N ndi nambala ya chinthu chimodzi chokhacho, ngati nambala ya chiphaso cha munthu, ndipo pa kauntala ya shopu wamba siikuthandizani kupeza chofanana nacho. Ndalandirapo kambirimbiri chithunzi choti munthu wayandikitsa kamera pa S/N mpaka mzere wa Model wadukira kunja. N'chifukwa chake ndimati sitika yonse ilowe, ngodya zonse zinayi zioneke, ndisankha ndekha chofunika.

Ngati chaja yakale ilipo, ngakhale yakufa, ndi mboni yabwino kuposa laputopu imene. Ajambule sitika yake kuti mzere wa OUTPUT uwerengeke. Mwachitsanzo mupeza palembedwa 19.5V ndi 3.33A. Mukachulukitsa manambala awiriwa mupeza pafupifupi 65, ndiye chaja imene ogulitsa amaitchula kuti ya 65W. Ya 19.5V ndi 2.31A ndi ya 45W, ya 19.5V ndi 4.62A ndi ya 90W. Zonsezi pa chithunzi chakutali zimangooneka ngati kabokosi kakuda kamodzimodzi. Kadontho ka pakati pa manambala kakafufutika ndi kuwala, kapena 3 akaoneka ngati 8, mwagula china. Dzina la kampani nalo lioneke, chifukwa Dell ilinso ndi timitu ta mamilimita 4.5 ndi 7.4, tooneka ngati ta HP, koma laputopu ya Dell imazindikira chaja yake kudzera pa kasingano ka pakati, moti mukaipatsa ya kampani ina imatha kuyaka koma batire osadzaza.

Tsono kuti sitikayo iwerengeke, nazi zimene ndimawauza pa foni ngati ndikuphunzitsa mwana. Ayambe apukuta diso la kamera ndi nsalu yofewa, chifukwa foni imakhala m'thumba ndi m'manja amafuta, ndipo chifunga chimene chimaoneka pa zithunzi zambiri chimachokera pamenepo. Atulutse katunduyo pa khonde masana, pamthunzi, osati padzuwa lenileni. Fulashi azimitse. Sitika zambiri n'zonyezimira, ndiye fulashi imagunda n'kubwerera m'kamera momwemo, n'kusiya chibanga choyera pamene pali manambala. Ngati kunyezimira kukuonekabe ngakhale fulashi ili yozima, apendeketse katunduyo pang'ono kapena asunthe iye mwini kufikira chibangacho chitachoka pa zilembo, akuyang'ana pa sikirini.

Cholakwika china chimene chimachitika ndi anthu ofuna kukuthandizani ndi mtima wonse n'kuyandikitsa foni kwambiri. Makamera a mafoni ambiri saona bwino chinthu chimene chili pafupi kwenikweni, zilembo zimasungunuka. Atalikitse foni ngati kutalika kwa chikhatho chotambasula, masentimita 15 kapena 20, agunde ndi chala pa sikirini pamene pali manambalawo, adikire kamphindi kuti zilembo zithwe, kenako ajambule zigongono zitatsamira pa tebulo. Foni iyang'anizane ndi sitika mwachindunji, isakhale chammbali, apo ayi mizere yakutali imachepa n'kufufutika. Agwiritse kamera yakumbuyo. Yakutsogolo ija yodzijambulira imakhala yofooka, ndipo pa mafoni ena imatembenuza zilembo ngati pa kalilole.

Pali katundu wina wopanda sitika, manambala ake anangodindidwa pa pulasitiki yakuda kapena pa chitsulo, monga kunsi kwa malaputopu ena atsopano ndi pa zipangizo za galimoto. Apa kuwala kochokera kutsogolo sikuthandiza. Wina agwire tochi chammbali, motsika, kuti kuwala kukwawe pamwamba pa zilembozo, ndiye timithunzi take timazionetsa. Zikakhala zokumbika, kupakapo choko n'kupukuta pamwamba ndi chala kumasiya ufa woyera m'maenjemo, manambala n'kutuluka poyera. Nzeru imeneyi anandionetsa ndi makaniko wina wa ku Ndirande. Sitika ya laputopu ikakhala kuti inafufutikiratu koma makinawo akuyaka, pa Windows alembe izi pa malo ofufuzira:

```
msinfo32
```

Atsegule, ajambule mzere wa System Model. Pa foni ya m'manja alowe mu Settings, apite pa About phone, ajambule mzere wa Model. Pamenepo pamaonekanso IMEI, nambala ya foni imodzi yokhayo, ndipo ine ndimawauza kuti aibise ndi chala kapena kapepala, chifukwa pogula kava kapena sikirini siifunika, komanso chithunzi chikachoka m'manja mwanu simudziwa kumene chikafike.

Chithunzi chachitatu n'cha pamene zinthu zimalumikizana, ndipo ndi chimene chikanandipulumutsa pa nkhani ya ku Zomba ija. Ajambule bowo la chaja pa laputopu, kapena kamutu ka chaja yakale, ataika rula ya ana asukulu pambali penipeni, mbali ya mamilimita. Popanda rula, bowo la 4.5 ndi la 7.4 amaoneka ofanana, chifukwa chithunzi sichinena kukula kwa chinthu. Rulayo igone pa mlingo umodzi ndi bowolo, isakhale kutsogolo kapena kumbuyo kwake. Kamutuko akajambule kawiri, chammbali komanso moyang'ana m'kati, kuti mtundu wa mkombero ndi kasingano zioneke. Apa ndikumbutseko za chingwe cha kukhoma: mukagula ku Joni nthawi zambiri chimabwera ndi pulagi ya mano obulungira, pomwe masoketi athu ndi a mano atatu amakona. Auzeni asataye chingwe chakale, ndipo ajambulenso mbali imene imalowa m'kabokosi, muone ngati ndi ya mabowo awiri kapena atatu.

Munthu angajambule bwino zonsezi koma chithunzi n'kuonongekera m'njira. WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza kuti isadye bandulo, ndipo zoyamba kufa ndi tizilembo ting'onoting'ono. Asanatumize adine HD, kapena atumize ngati Document kuti chifike momwe chinajambulidwira. Chithunzi chimene chadutsa m'mafoni atatu, kapena chojambula sikirini ya foni ina, ndimachikana. Pomaliza ndimamupempha kasitomala kuti alembenso modeloyo ndi zala zake pansi pa chithunzi. Zilembo zina zimanamiza maso: 0 ndi O, 8 ndi B, 5 ndi S, 1 ndi I. Zimene walemba zikagwirizana ndi zimene ndikuwerenga pa chithunzi, mtima umakhala m'malo. Zikasiyana timaimbirana ndisanakwere basi, ndipo zithunzizo ndimazisunga m'foni momwe, chifukwa netiweki ya kunja siidalirika nthawi imene mwaima pa kauntala.

Inunso mukafika m'shopu chitani chimodzimodzi musanalipire. Pemphani kaye chilolezo, poti eni mashopu ena sakonda kujambulidwa katundu. Musajambule katoni yokha, chifukwa katoni imodzi imatha kulembedwa mamodelo ambirimbiri, ndipo nthawi zina za m'kati zimasiyana ndi za kunja. Atsegule, mujambule sitika ya chinthu chenichenicho ndi kamutu kake, mutumize kwa mwini oda, ayankhe kuti ndi chomwecho. Yankho limenelo lisungeni mpaka katundu atafika m'manja mwake. Ine ndimayenda ndi karula kakang'ono m'chikwama cha pasipoti, ndipo ndikaona kuti kasitomala akuchedwa kuyankha ndimapita kukagula zina kaye, chajayo n'kudzaitenga pobwerera.