Zithunzi za katundu: m'detabesi kapena pa disiki?

"Ndikupanga katalogi ya pa intaneti ya katundu wa mitundu 8,000. Mtundu uliwonse uli ndi zithunzi zinayi za 2 MB chimodzi. Mnzanga akuti ndiziike mu MySQL momwemo kuti zonse zikhale pamodzi, ine ndimafuna kungosungamo njira ya fayilo. Akulondola ndani?"

Mukulondola ndinu, koma mnzanuyo musamuseke, pali chimene waona.

Tiyambe ndi masamu anu omwewo. Zithunzi 32,000 za 2 MB ndi 64 GB, pomwe mayina, mitengo ndi mafotokozedwe a katundu yenseyo mwina sangafike ndi 100 MB yomwe. Mukazisakaniza, bakapu imene ikanatha m'masekondi ochepa izinyamula 64 GB usiku uliwonse, ngakhale zithunzi zambiri sizinasinthe. Mukagwiritsa ntchito `mysqldump` ndi `--hex-blob`, gawo la zithunzilo limakula kawiri. Ululu weniweni mudzaumva tsiku limene seva yagwa, makasitomala akudikira, inu mukubwezeretsa zithunzi kwa maola pamene chimene mukufuna msanga ndi mitengo ndi maoda.

Palinso nkhani ya kuonetsa. Tsamba la katundu 40 limapempha zithunzi 40. Zikakhala m'detabesi, chilichonse chimadutsa mu kodi yanu, n'kugwira kulumikizana ndi MySQL kumene wina akanagulira katundu. Zikakhala mafayilo, seva ya webu monga nginx imangozitola pa disiki n'kutumiza, detabesi osadziwa n'komwe.

Tsono chimene mnzanu waona ndi ichi: detabesi ikalephera pakati pa ntchito imabweza zonse ndi `ROLLBACK`, koma disiki sidziwa zimenezo. Mzere wa mu tebulo ndi fayilo ya pa disiki zikhoza kusiyana. Mwina mzere ukuloza fayilo yomwe kulibe, kapena fayilo ilipo koma palibe mzere woiloza. Zolakwika ziwirizi sizilemera mofanana. Yoyamba kasitomala amaiona, chithunzi chosatseguka ndi 404 mu logi. Yachiwiri imangodya malo mwakachetechete. Ndiye konzani ntchito yanu kuti ikalephera, izilepherera ku mbali yachiwiriyi.

Poika chithunzi, yambani ndi kulemba fayilo, ikatheka ndiye mulembe mzere. Magetsi akazima pakati, chotsala ndi fayilo yamasiye basi. Pochotsa mutembenuze: mzere uyambe kuchoka, fayilo pambuyo. Ndipo pambuyopo pasakhale pompopompo. Siyirani kapulogalamu koyenda kamodzi pa sabata, koyerekeza za mu foda ndi za mu tebulo. Kakapeza fayilo yopanda mwini kaisamutsire pambali, idzafufutidwe ulendo wotsatira. Mafayilo a tsiku lomwelo kasawakhudze, chifukwa mwina mzere wake ukulembedwa nthawi yomweyo.

Bakapu nayo ili ndi dongosolo lake, ndipo apa ambiri amapunthwa. Yambani ndi detabesi, kenako mukopere mafayilo. Popeza fayilo imalembedwa mzere usanabadwe, ndipo sifufutidwa msanga, mzere uliwonse wa mu bakapuyo udzapeza chithunzi chake. Mukayamba ndi mafayilo, katundu amene waikidwa pakatipo adzabwerera wopanda chithunzi.

Mu tebulo musungemo chiyani? Osati `/var/www/shop/uploads/nsapato.jpg`, chifukwa mukadzasamutsa seva mudzafunika kukonza mizere 32,000. Sungani mbali yakumapeto yokha, chiyambi chake chikhale malo amodzi mu kodi.

```sql
CREATE TABLE product_image (
  id         BIGINT AUTO_INCREMENT PRIMARY KEY,
  product_id BIGINT NOT NULL,
  file_key   VARCHAR(100) NOT NULL,
  position   SMALLINT NOT NULL
);
```

Dzina limene fayilo yabwera nalo musalikhulupirire. Mafoni awiri akhoza kutumiza `IMG_0001.jpg`, china n'kufufuta chinzake popanda chenjezo. Ine ndimakonda kutchula fayilo ndi SHA-256, chizindikiro chowerengedwa kuchokera ku zimene zili m'kati mwake, zilembo ziwiri zoyamba n'kukhala dzina la foda, monga `9f/9f86d0….jpg`. Ubwino wake ngwakuti chithunzi chikasintha dzina limasinthanso, choncho mutha kuuza bulawuza kuti ichisunge chaka chathunthu osaopa kuti kasitomala aziona chakale. Dziwani kuti katundu awiri a chithunzi chofanana adzaloza fayilo imodzi. N'chifukwa chake kufufuta fayilo ndi ntchito ya kapulogalamu koyerekeza kaja, osati ya batani lochotsera katundu.

Zikanakhala tizithunzi mazana angapo ta makilobaiti ochepa, ndikanati tsatirani mnzanuyo, kusavuta kwake kukanapambana. Pa 64 GB ayi. Ndipo mukadzaonjezera seva yachiwiri, chithunzi choikidwa pa yoyamba sichidzaoneka pa inayo, chizidzatseguka ulendo wina n'kukana ulendo wina. Pamenepo mudzasamutsire mafayilo ku malo amodzi monga Amazon S3, musinthe chiyambi cha njira chija, `file_key` ikhale momwe ilili.